Kuwerengera toki ya mota kuchokera pa makilowati ndi sipidi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amabwerabwera kwa anyamata amene angoyamba kumene zamagetsi, komanso eni zigayo a ku Luchenza, Bvumbwe, Chitakale mpaka ku Limbuli uko, makamaka mota ikapsa ndiye munthu akufuna kugula ina koma sakudziwa ngati imene wayipezayo ikoka. Ndatenga mota imodzi yoti tiyende nayo pafupifupi monsemu kuti manambala asachuluke, ndi mota ya chigayo ya mafezi atatu, pa nemupuleti yake palembedwa 15 kW, 1460 rpm, 400 V, 50 Hz. Khalani ndi kakyuleta ya pafoni pafupi, muzibwereza nokha mawerengedwewo.

Toki imeneyi ndi chiyani kwenikweni, si mphamvu ya mota yomwe ija?

Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale zimayendera limodzi. Toki ndi kupotokola kumene shafiti ikupotokolera chinthu chomwe mwalumikizako, kaya ndi pule, kaya ndi kapulingi ya pampu. Timayiyeza mu N·m, kutanthauza kukankha kwa manyutoni kuchulukitsa ndi mtunda wa mamita kuchokera pakati pa shafiti kufika pomwe mukukankhirapo. Makilowati aja ndi nkhani ina, amanena kuchuluka kwa ntchito imene mota ikugwira pa sekondi iliyonse, ndiye muli zonse ziwiri, kupotokola komanso kuthamanga kwake.

Kuti mumve kukula kwa nambalayi, ganizani sipanala yotalika mita imodzi yomwe mwayiika pa nati chopingasa, kunsonga kwake mwakolekako ndowa yolemera 10 kg. Kulemera kumeneko kumakoka ndi manyutoni 98.1, chifukwa kilogalamu imodzi imakoka ndi 9.81, ndiye kuchulukitsa ndi mita imodzi ija toki yake ndi 98.1 N·m. Ikumbukireni nambala imeneyi, tikumana nayonso pompano. Sipanala ikakhala ya theka la mita, ndowa yomweyo ikupereka 49 N·m basi, mtunda wachepa ndi theka, toki nayo yachepa ndi theka.

Fomula yake ndi iti, ndipo ndimayigwiritsa bwanji?

Ndi kamzere kamodzi kokha:

```
T = 9550 × P ÷ n
```

T ndi toki mu N·m, P ndi mphamvu mu kW, n ndi sipidi mu rpm, ndiye kuti kangati shafiti ikuzungulira pa mphindi imodzi. Manambala awiri onsewo ali pa nemupuleti, simufunika chipangizo chilichonse, mwina kansalu kopukutira ufa ndi girisi kuti zilembo zioneke.

Pa mota yathu ija ziyenda chonchi:

```
9550 × 15 = 143250
143250 ÷ 1460 = 98.1 N·m
```

Eya, ndi ndowa ija ya 10 kg pa sipanala ya mita imodzi. Anthu ambiri akaona koyamba amadabwa, amati chimota chonsechi chofunika anthu angapo kuchinyamula ndiye chimangopotokola zomwe ine ndingathe ndi dzanja limodzi? Zoonadi mukhoza kukoka 98 N·m ndi dzanja, koma motayo ikukoka chonchi uku ikuzungulira maulendo 1460 pa mphindi, komwe kuli kuposa maulendo 24 pa sekondi, tsiku lonse osapuma. Makilowati 15 aja akuchokera pamenepo.

Kamota ka pampu ya madzi ya kudimba, ka 1.5 kW pa 2850 rpm, mukachita chimodzimodzi mupeza 9550 × 1.5 = 14325, kugawa ndi 2850, yankho ndi 5.0 N·m. Kochepa kwambiri, nchifukwa chake shafiti yake imakhala yowonda ndipo kamwala kamodzi kakalowa mu impela pampu imangolira osazungulira.

Nanga 9550 ameneyu akuchokera kuti? Aphunzitsi athu anangoti tiloweze.

Kuloweza nkwabwino koma mukadziwa komwe akuchokera simudzamusokonezanso. Lamulo lenileni ndi loti mphamvu mu mawati ndi toki kuchulukitsa ndi sipidi yozungulira, koma sipidiyo, imene timailemba ω, iyenera kukhala mu maradiyani pa sekondi osati rpm. Kuzungulira kumodzi kwathunthu ndi maradiyani 2π, pafupifupi 6.283, ndipo mphindi ili ndi masekondi 60.

```
ω = 2π × n ÷ 60
T = P ÷ ω     (P mu W)
```

Tiyeni tiyese pa mota ya chigayo. 6.283 × 1460 ÷ 60 zikupereka 152.9, ndiye 15 kW ndi mawati 15000, kugawa ndi 152.9 yankho ndi 98.1 N·m, lomwe lija. Ndiye 9550 ndi njira yachidule chabe, anatenga 60 wa masekondi, kuchulukitsa ndi 1000 wosintha makilowati kukhala mawati, nkugawa ndi 2π, zimatuluka 9549.3 ndipo anthu anangomuzunguliza kukhala 9550. Mabuku ena mupeza 9549, ena 9.55 pamene P ali mu mawati, zonse ndi chinthu chimodzi, osakangana nazo mu kalasi. Pa mayeso ngati funso lanena kuti muonetse njira, gwiritsani yayitaliyi, koma muli pa ntchito mutanyamula sipanala 9550 akukwanira.

Mota yanga yapsa, inali 15 kW. Ku Limbe ndapeza ina ya 15 kW yotchipirako koma yalembedwa 2930 rpm. Si yomweyo?

Apa ndi pomwe ndalama zimatayikira, ndiye ndichedwapo pang'ono. Makilowati ndi ofanana inde, koma werengerani toki:

```
143250 ÷ 1460 = 98.1 N·m
143250 ÷ 2930 = 48.9 N·m
143250 ÷ 970  = 147.7 N·m
```

Mamota atatu onsewa ndi a 15 kW koma yothamanga ija ikupotokola theka lokha la yanu yakale, pamene ya 970 rpm ikupotokola kuposa yanu ndi theka linanso. Sipidi ili pansi pa fomula, ikakwera toki imatsika, palibe njira yozembera.

Chomwe chimasiyanitsa ndi mapolo a mawaindingi mkati mwa mota. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndiye maginito a mkati amazungulira pa sipidi yodziwika kale, 3000 rpm pa mota ya mapolo 2, 1500 pa mapolo 4, 1000 pa mapolo 6, 750 pa mapolo 8. Mukafuna kudziwerengera nokha ndi 120 kuchulukitsa ndi 50 kugawa ndi mapolo. Shafiti yeniyeni imatsalira pang'ono kumbuyo kwa maginitowo, nchifukwa chake pa nemupuleti mumaona 2930, 1460 kapena 970 mmalo mwa manambala athunthu aja.

Choipa kwambiri nchakuti mamota a 15 kW a mapolo 2 ndi a mapolo 4 kawirikawiri amakhala ndi shafiti yofanana ya 42 mm, ndiye pule yanu yakale ilowa bwinobwino, kii ikwana, mudzati zatheka. Mukayatsa, chigayo chikufuna kuthamanga kawiri sipidi yake yoyenera, ndipo chigayo chikathamanga kawiri sichimafuna toki yomwe ija, chimafuna yoposa chifukwa mahamala ndi fani ya mkati zikulimbana ndi mpweya, pamene mota ili ndi theka lokha. Ma ampu akwera, ovalodi iyamba kudula, wina nkubwera kudzaikweza ovalodiyo kuti isamavutitse, mapeto ake fungo la vanishi. Komanso mahamala othamanga kawiri sipidi yomwe anawapangira ndi ngozi kwa wothira chimanga, chitsulo chikathyoka pa sipidi imeneyo sefa siyingachigwire.

Kodi ndiye kuti mota ya 2930 njosathandiza? Ikhoza kugwira ntchito ngati musintha pule kuti chigayo chibwerere pa sipidi yake yakale, pule ya pa mota ikhale theka la yakale ija. Mukatero toki yofika pa chigayo ikhala yomwe ija. Koma werengerani mtengo wa pule yatsopano ndi malamba musanasangalale ndi kutchipa kwa motayo.

Tafotokozani bwino za mapule, toki ya pa mota ndi yomweyo imafika pa chigayo?

Ayi, pokhapokha mapule awiriwo akhale ofanana kukula. Lamba amanyamula makilowati, koma sipidi ndi toki zimasinthana malinga ndi kukula kwa mapule. Tinene kuti pa mota yathu ya 1460 rpm pali pule ya 300 mm, pa chigayo pali ya 150 mm. Pule yaing'ono iyenera kuzungulira kawiri pamene yaikulu yazungulira kamodzi.

```
n2 = 1460 × 300 ÷ 150 = 2920 rpm
T2 = 9550 × 15 ÷ 2920 = 49.1 N·m
```

Ndiye chigayo chikuthamanga 2920 rpm koma shafiti yake ikulandira 49 N·m osati 98. Ndipo lamba amadyako pang'ono, amatentha, amatereranso pang'ono, ndiye mukachotsa pafupifupi 5 pa 100 iliyonse mutsala ndi 46 kapena 47 N·m. Poyeza pule yezani pomwe lamba amakhala, osati kunja kwenikweni kwa mlomo wa pule, ngakhale kwa oyamba kumene kusiyanako sikukusokonezani kwambiri.

Pali kanthu kena kamene fomula ya toki imakuthandizani kuona, kukoka kwa lamba. Toki ndi kukoka kuchulukitsa ndi theka la kukula kwa pule, ndiye pa pule ya 300 mm theka lake ndi mamita 0.15, kukokako ndi 98.1 ÷ 0.15, manyutoni 654. Mutaika pule ya 150 mm pa mota yomweyo, 98.1 ÷ 0.075 ndi manyutoni 1308, kawiri. Nchifukwa chake kapule kakang'ono pa mota yaikulu malamba amalira nkumanunkha rabala, ndipo mukamalimbitsa kwambiri kuti asiye kuterera ndi mabeyaringi amene amalipira.

Pa mota yanga sipanalembedwe kW, palembedwa 20 HP. Ndiyike 20 mu fomula?

Musayike. Sinthani kaye kukhala makilowati, hosipawa imodzi ndi 0.746 kW, ndiye 20 × 0.746 ndi 14.9 kW, yomwe ili mota yathu yomwe ija ya 15 kW, eni zigayo amangoti ya 20. Mukayika 20 mwachindunji mupeza 130.8 N·m, nambala yooneka ngati yolondola koma yapitirira ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo cholakwika chotere ndi choopsa kuposa chachikulu chifukwa sichikudabwitsani.

Mukhozanso kukumana ndi mota yolembedwa CV kapena PS, makamaka zipangizo zochokera kumaiko olankhula Chipwitikizi kapena ku Germany, ndipo ife oyandikana ndi Muloza zoterezi sizichedwa kutipeza. Imeneyo ndi hosipawa ya mtundu wina, yocheperako pang'ono, 0.7355 kW. Kusiyana kwake ndi kochepa, 20 CV ndi 14.7 kW.

Cholakwika china ndi kuyika mawati pamalo pa makilowati. Mukalemba 15000 mmalo mwa 15 kakyuleta ikupatsani 98116, ndiye mukaona nambala ya masauzande pa mota wamba dziwani kuti mwasokoneza pamenepo. Njira yodzionera msanga ndi iyi, mota ya mapolo 4 imapereka pafupifupi 6.5 N·m pa kilowati iliyonse, ya mapolo 2 pafupifupi 3.3, ya mapolo 6 pafupifupi 10. Yankho lanu likatalikirana ndi zimenezi bwererani.

Ndigwiritse 1500 kapena 1460? Nanga nemupuleti ikafufutika?

Gwiritsani yolembedwa pa nemupuleti, chifukwa ndi sipidi ya shafiti pamene mota ikukoka katundu wake wonse. Ndi 1500 mupeza 95.5 N·m mmalo mwa 98.1, kusiyana kosakwana 3 pa 100, si tsoka. Ngati nemupuleti yadyeka ndipo mukungodziwa kuti ndi ya mapolo 4, tengani 1450 muwerengere, simukhala kutali.

Chofunika kusamala ndi Hz. Mota ikalembedwa 60 Hz ndi 1750 rpm, kuno siyithamanga 1750, ithamanga pafupi ndi 1450 chifukwa magetsi athu ndi a 50. Toki yake yoyenera muwerengere ndi manambala a pa nemupuleti momwe alili, kenako mudziwe kuti pa sipidi yotsikayo makilowati omwe ingapereke atsika nawo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndipo onaninso ngati mavoti ake akugwirizana ndi athu musanalumikize.

Makilowati a pa nemupuleti ndi amagetsi omwe mota ikudya kapena omwe ikutulutsa?

Ndi omwe ikutulutsa pa shafiti, nchifukwa chake timawaika mu fomula mwachindunji popanda kuchotsapo kanthu. Magetsi omwe ikudya ndi ochulukirapo, mota ya 15 kW yomwe efishensi yake ndi 90 pa 100 imadya 16.7 kW kuti itulutse 15, otsalawo ndi kutentha komwe mumamva mukaigwira. Ophunzira ambiri amachulukitsanso 15 ndi 0.9, kumeneko ndi kuchotsa kawiri. Efishensi imabwera pokhapokha mwayambira ku mavoti ndi ma ampu.

Koma samalani ndi timapampu, magulayinda ndi madirilo a pamanja, pa zimenezi nambala ya mawati yolembedwa pa bokosi nthawi zambiri ndi ya magetsi olowa. Mukaona P1 ndi olowa, P2 ndi otuluka pa shafiti, ya toki ndi P2.

Ndiye mota yanga nthawi zonse ikupereka 98 N·m ikamazungulira?

Ayi ndithu. 98.1 ndi toki imene ingapereke tsiku lonse osatentha mopitirira, koma imene ikupereka panthawiyo imalamulidwa ndi katundu. Chigayo chikamazungulira chopanda chimanga mota imangopereka yokwanira kugonjetsa mabeyaringi, malamba ndi mpweya. Wothira akathira chimanga toki imakwera, akathira mopupuluma chifukwa mzere wa amayi watalika imapitirira 98, mota siyikana, imakoka basi uku ikutentha.

Kuti mudziwe toki yeniyeni panthawiyo pali njira ziwiri zosavuta. Yoyamba ndi ya kilampu mita. Tinene mwayeza mwapeza 400 V ndi 20 A, pamene pa nemupuleti ma ampu ake onse ali chamu 28 kapena 29. Pa katundu wotere titenge cos φ, ndiye kuti pawa fakita, ngati 0.78 ndi efishensi 0.89, izi ndi zongoyerekeza chifukwa zolembedwa pa nemupuleti ndi za katundu wodzadza, katundu akachepa cos φ amatsika. Mu fomula ili m'munsiyi 1.732 ndi √3 wa mafezi atatu.

```
P1 = 1.732 × 400 × 20 × 0.78 = 10808 W
P2 = 10.8 × 0.89 = 9.6 kW
T  = 9550 × 9.6 ÷ 1475 = 62 N·m
```

1475 ameneyo ndi sipidi yoyezedwa ndi takomita, yakwera pang'ono poti katundu ndi wochepa. Ndipo ngati muli ndi takomita pali njira yachiwiri yachidule kwambiri. Kutsalira kwa shafiti kumbuyo kwa 1500 kumakula pafupifupi molingana ndi toki. Pa katundu wodzadza imatsalira ndi 40, poti 1500 kuchotsa 1460 ndi 40. Panopa ikutsalira ndi 25. Ndiye 25 ÷ 40 × 98.1 ndi 61 N·m, pafupi kwambiri ndi 62 wa njira yoyamba. Njira zonsezi si zoti mungalumbirire mpaka kadontho, koma zikuuzani kuti mota ikugwira pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, malo alipo.

Chomwe musachite ndi kugawa ma ampu okha, kunena kuti 10 A pa 28 A ndiye toki ndi gawo limodzi mwa atatu. Mota yopanda katundu ngakhale pang'ono imadya kale ma ampu ochuluka ndithu, mwina gawo limodzi mwa atatu la ma ampu ake onse, ongopangira maginito. Ma ampu amayamba kunena zoona katundu akapitirira theka. Ndipo poyeza tsegulani panelo mosamala, ngati simunaphunzire zamagetsi itanani wodziwa, takomita nayo muziloza muli patali ndi malamba, malaya opanda zolendewera.

Ku fakitale ya tiyi ndimaona timamota ting'onoting'ono tikukoka makonveya aatali odzadza masamba. Zimatheka bwanji?

Ndi giyabokosi. Imachita zomwe mapule amachita koma mobwerera, imatsitsa sipidi kwambiri nkukweza toki. Titenge mota ya 2.2 kW pa 1430 rpm, toki yake ndi 9550 × 2.2 ÷ 1430, yomwe ndi 14.7 N·m. Kutsogolo kwake kuli giyabokosi ya 30:1.

```
n2 = 1430 ÷ 30 = 47.7 rpm
T2 = 14.7 × 30 = 441 N·m
```

Kamota koti munthu mmodzi angakanyamule kakupereka toki yoposa kanayi ya chimota cha chigayo chija, koma shafiti yotulukayo ikuzungulira kosakwana kamodzi pa sekondi. Makilowati sanawonjezeke, achepa ndithu chifukwa giyabokosi imadyako. Ya magiya a mano opendekeka imadya zochepa, mukachulukitsa ndi 0.95 mutsala ndi 419 N·m. Ya womu, ija shafiti yotuluka imakhala chopingasa, imadya zambiri, pa 30:1 mukhoza kutenga chamu 0.7 ndiye mutsala ndi 309 N·m, nchifukwa chake magiyabokosi amenewa amatentha mukawagwira. Nambala yeniyeni muione pa pepala la wopanga.

Toki yaikuluyi ili ndi kuipa kwake. Konveya ikakodwa, mota yaing'ono ija kudzera mu giyabokosi ikhoza kudula kii, kupotola shafiti kapena kung'amba lamba wa konveya ovalodi isanazindikire, ndipo dzanja likalowa pa diramu siyiima ngakhale ikuoneka yoyenda pang'onopang'ono. Posankha kapulingi kapena tcheni cha kutsogolo kwa giyabokosi gwiritsani 441, osati 14.7.

Nanga ndikadziwa katundu woti ndikoke, ndingadziwe bwanji mota yogula?

Fomula yomweyo muyitembenuze:

```
P = T × n ÷ 9550
```

Tinene mukupanga kakonveya, diramu yake ndi ya 400 mm, lamba akufunika kukokedwa ndi manyutoni 1500 ndipo ayende mita 0.5 pa sekondi. Toki pa diramu ndi 1500 kuchulukitsa ndi theka la diramu, mamita 0.2, ndiye 300 N·m. Sipidi ya diramu, kuzungulira kumodzi kumakoka lamba mamita 3.142 × 0.4, omwe ndi 1.257, pa mphindi lamba ayenda mamita 30, ndiye 30 ÷ 1.257 ndi 23.9 rpm. Mphamvu ndi 300 × 23.9 ÷ 9550, yankho 0.75 kW. Mukhoza kudzitsimikizira mwa njira ina, manyutoni 1500 kuchulukitsa ndi 0.5 ndi mawati 750, zagwirizana.

Koma musathamangire kukagula ya 0.75 kW, imeneyo ndi mphamvu yofunika pa diramu. Giyabokosi ikamadya 20 pa 100 mota iyenera kupereka 0.75 ÷ 0.8, yomwe ndi 0.94 kW. Mamota amabwera mu masaizi odziwika, 0.75, 1.1, 1.5, 2.2, 3, 4, 5.5, 7.5, 11, 15 kumapita, ndiye yotsatira ndi 1.1 kW. Ine ngati konveyayo iziyambitsidwa ili ndi katundu kale ndingatenge 1.5, koma kulumphira pa 4 kW poti ndiyo ilipo mu sitolo ndi kuononga ndalama komanso kuika giyabokosi pa ngozi, chifukwa tsiku lokodwa mota yaikuluyo ili ndi toki yokwanira kuiphwanya. Giyabokosi yofunika ndi 1430 ÷ 23.9, pafupifupi 60:1.

Mawerengedwe akuti toki ikukwana koma mota ikulephera kunyamuka, imangolira. Fomula yanama?

Siyinaname, koma imangonena za mota yomwe yafika kale pa sipidi yake. Ponyamuka sipidi ndi 0, ndipo simungagawe ndi 0, toki yonyamukira ndi nambala ina yomwe wopanga amapereka payokha. Pa mamota ambiri otere, mukayatsa mwachindunji imakhala chamu kawiri toki yoyenera. Titenge 2.2 pa mota yathu, ndiye kuti 98.1 × 2.2, pafupifupi 216 N·m, yambiri ndithu.

Koma zigayo zambiri za saizi imeneyi zimayatsidwa ndi sitata ya sitaa-delita kuti ma ampu onyamukira achepe, ndipo mu sitaa toki imatsika kufika pa gawo limodzi mwa atatu. 216 ÷ 3 ndi 72 N·m, yochepera pa 98 ija. Ndi yokwanira kunyamutsa chigayo chopanda kanthu, koma ngati magetsi anathima chigayo chili mkati mogaya ndipo chimanga chinatsalira pa mahamala, 72 ameneyo akhoza kulephera, mota nkumangolira uku ma ampu ali mmwamba. Zimitsani pa aisoleta, tsegulani chigayo, chotsani chimangacho, zungulizani ndi manja muone ngati chikuyenda momasuka, ndiye muyatsenso. Kudinadina batani kuyembekeza kuti mwina inyamuka ndi kuphika mawaindingi.

Mavoti nawo amalowapo, ndipo amalowa mochulukitsa kawiri. Akatsika kuchoka pa 400 kufika pa 360, komwe ndi 0.9, toki yonyamukira imakhala 0.9 × 0.9, ndiye 0.81 ya poyamba, 72 uja wasanduka 58 N·m. Zimachitika kwambiri kebulo ikakhala yaitali komanso yowonda, kapena madzulo aliyense akuyatsa zake, ndiye yezani mavoti pa mateminolo a mota penipeni panthawi yonyamuka, osati pa mita mota ili chete. Mukapeza kuti fezi imodzi palibe, kaya fyuzi yapsa kaya kontakita yadyeka mbali imodzi, mota ya mafezi atatu siyinyamuka konse ngakhale mutachotsa malamba onse, ingolira pamalo pomwepo, ndipo pamenepo zimitsani msanga musanayambe kufufuza.